Lipoti Lobiriwira la pa Shafti

Loice Makwinja anabadwira pa komboni ya mgodi wina wa golide kufupi ndi Connemara, pakati pa Gweru ndi Kwekwe. Komboniyo anthu ankangoitchula kuti pa Shafti. Bambo ake, a Gedion, anachoka ku Dedza ali mnyamata, nagwira ntchito yokumba miyala pansi pa nthaka mpaka fumbi linawadya mapapo. Mayi ake anatsatira patangopita mvula ziwiri. Amene anamulera ndi mlongo wa bambo ake, a Alefa, amene Loice ankawatchula kuti atete monga amachitira ana obadwira m'Zimbabwe. A Alefa anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, wa chigwirizano cha amayi ku tchalitchi. Anagulitsa tomato ndi matemba m'mbali mwa msewu waukulu mpaka Loice anamaliza Fomu 4 ndi kuphunzira kutayipa ku Gweru.

Mgodi unatsekedwa, koma anthu sanachoke. Akanapita kuti? Ambiri anali ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, opanda mudzi wobwererako, ndipo zitupa zawo zinali ndi chilembo chosonyeza kuti ndi alendo. Anatsala m'nyumba za kampani zomwe malata ake ankadontha, akulima timinda m'mbali mwa milu ya dothi la mgodi. Matenda a Edzi atalowa, anapeza anthu ali pamodzi ngati nkhuku m'khola.

M'chaka cha 2004 Loice anapeza ntchito ku bungwe lina laling'ono la mipingo ku Gweru, losamalira odwala m'makomo. Ankakhala ku Senga m'chipinda chimodzi cha lendi. Mwamuna wake anali atapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo mafoni ake ankachepa chaka ndi chaka. Ntchito ya Loice inali ya pa kompyuta. Bungwelo linali ndi osamalira odwala m'madera anayi: ku Senga, ku Somabhula, m'mafamu a kumadzulo kwa tawuni, ndi pa Shafti, pomwe wotsogolera osamalira odwala anali a Alefa omwewo. Kutha kwa mwezi uliwonse galimoto inkazungulira kutenga mafomu, ndipo Loice ankalowetsa zonse mu databesi. Wodwala aliyense anali ndi nambala yake. Akangolembedwa, kompyuta inkamuwerenga kuti ali moyo ndipo akulandira chisamaliro, kufikira tsiku limene fomu ina, yotulutsira munthu, ifike yonena kuti wamwalira, wasamuka kapena wasowa. Fomuyo inkafuna siginecha ya munthu amene waona ndi maso.

Miyezi itatu iliyonse Loice ankatulutsa lipoti lopita kwa opereka thandizo a ku Ulaya, amene anali ndi ofesi ku Harare. Manambala ake sankawawonkhetsa ndi dzanja. Ankasankha miyezi, n'kudina, ndipo kompyuta inkatulutsa zizindikiro zonse zimene anagwirizana ndi opereka thandizowo: odwala amene ali m'chisamaliro, amene amwalira, maulendo oyendera odwala kuyambira Januwale. Chilichonse chinkaima pambali pa chandamale chake. Chikakwana, bokosi linkakhala lobiriwira, chikaperewera pang'ono, lachikasu, chikagwa, lofiira. Gawo lotsatira la thandizo silinkabwera lipoti lisanavomerezedwe.

Loice ankaikonda ntchitoyi. Ankadziwa kulemba kwa wosamalira odwala aliyense, ndipo mafomu a atete ake ankawazindikira asanawatsegule, chifukwa ankabwera atakulungidwa m'pepala la shuga, akununkha utsi.

Kenako kunabwera chaka cha 2008. Chisankho cha mu Marichi chitadutsa, dziko linachita mdima masana. Kumayambiriro kwa Juni boma linaletsa mabungwe kupita kumadera. Galimoto ya bungwe inaima pansi pa mtengo wa jakaranda kuseri kwa ofesi mpaka matayala anaphwa. Osamalira odwala a ku Senga ankabweretsa mafomu wapansi, atawabisa m'zikwama za masamba. Wa ku Somabhula ankawapatsira mlamu wake wogwira ntchito ku njanji. A m'mafamu ankatumiza mwa apo ndi apo. Koma kuchokera pa Shafti, fomu yomaliza inali ya mwezi wa Meyi. A Alefa analibe foni. Ya mphunzitsi amene ankawaitanira inasiya kulira. Loice anafuna kupitako yekha, koma ndalama ya minibasi imene ankaimirira pamzere ku banki m'mawa inkakhala itaperewera pofika madzulo, ndipo amene ankachokera njira ya ku Kwekwe ankanena motsitsa mawu kuti m'makomboni muli anyamata ofunsa makadi a chipani.

Chiletso chinachotsedwa kumapeto kwa Ogasiti, koma dizilo kunalibe. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, inakwana nthawi ya lipoti la Julayi mpaka Seputembala. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, ndipo mkulu wa pulogalamu, a Honest Moyo, analiza jenereta ndi mafuta otsala m'chigubu. Loice anasankha miyezi, nadina.

Senga inatuluka yachikasu. Somabhula ndi m'mafamu munali mofiira, chifukwa anthu anali atamwalira ambiri m'miyezi ya njala imeneyo. Koma mzere wa pa Shafti unali wobiriwira kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Odwala 64, onse m'chisamaliro. Omwalira: ziro. Ngakhale maulendo oyendera odwala anali obiriwira, chifukwa ankawerengedwa mowonjezera kuyambira Januwale, ndipo a Alefa ndi anzawo anali atayenda kwambiri miyezi yoyambirira moti chiwerengero chinali chidakali pamwamba pa chandamale.

Loice anayang'ana ziro uja nthawi yaitali. Pa Shafti sipanapitepo miyezi itatu popanda maliro chiyambire iye ntchito.

"VaMoyo, tabwerani mudzaone," anatero.

A Moyo anabwera akupukuta thukuta. Anali munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, amene anali ataonda chaka chimenecho mpaka kolala ya shati inkamuzungulira khosi. Anawerama pa kompyuta, nkhope yawo n'kumasuka pang'ono.

Anatamanda Mulungu m'Chishona: "Mwari ngaakudzwe. Pena pake pali bwino."

"Sipali bwino ayi. Palibe fomu imene yabwera kuyambira Juni. Kompyuta sisiyanitsa malo amene sanafe munthu ndi malo amene sanatumize kanthu. Konse imalemba ziro."

"Ndiye mukufuna tilembe chiyani, sisi Loice? Muli ndi fomu ya munthu womwalira?"

"Ndilibe."

"Tisaphe anthu ndi pakamwa. Manambala ndi a mu databesi, sitiloledwa kuwasintha ndi dzanja, mukudziwa inunso. Ndipo tikalemba poyera kuti dera lathunthu sitinalione miyezi inayi, a ku Harare aimitsa gawo lotsatira. Pamenepo ndiye a ku Somabhula adya chiyani?" Anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Komanso imelo masiku ano imawerengedwa ndi anthu ambiri. Akatifunsa kuti mafomu sanabwere chifukwa chiyani, tiyankha kuti chiyani?"

Loice analembabe chiganizo chimodzi m'gawo la mafotokozedwe, chonena kuti manambala a pa Shafti ndi a mu Meyi. A Moyo sanachifufute. Anachisamutsira kumapeto, m'zowonjezera, nachifewetsa kuti chinene kuti mafomu ena anachedwa chifukwa cha mavuto a mayendedwe. Jenereta inayamba kutsokomola. Lipoti linapita. Loice akanatha kukangana nawo kwambiri, koma mumtima mwake munali kachinthu kena kofuna kuti ziro uja akhale woona. Bokosi lobiriwira linali uthenga wokhawo umene anali nawo wa atete ake.

Yankho linabwera mu Novembala, kolera itayamba kumveka ku Harare ndi ku Beitbridge. Opereka thandizo anavomereza lipoti, nayamikira kwambiri osamalira odwala a pa Shafti. Ananenanso kuti apeza katundu wadzidzidzi woteteza odwala ku kolera: mapiritsi oyeretsera madzi, sopo, zidebe za mipope, ndi mapaketi a mchere ndi shuga. Popeza katunduyo anali wochepa, anamugawa potsata lipoti. Madera ofiira analandira zambiri, lachikasu pang'ono. Pa Shafti, poti zinthu zinali bwino, panalibe kanthu. M'malo mwake anatumiza makuponi a dizilo, kupempha kuti wina apite kumeneko akajambule zithunzi ndi kulemba nkhani ya mmene amayi aja anakwanitsira kusunga odwala onse amoyo m'chaka chovuta chotere.

A Moyo anawerenga imeloyo kawiri. Anangopereka makuponi kwa dalaivala, a Elifas, n'kuuza Loice kuti atenge kamera ya ofesi. Loice anatenga kamerayo, natenganso mulu wa mafomu otulutsira anthu, n'kuuika pansi pa chikwama.

Ananyamuka m'mawa kumwamba kutachita mitambo yolemera yosagwetsa mvula. Atapatuka pa msewu wa tala, Loice anaona kuti njira imene ankaidziwa yasintha. M'mbali monse munali maenje atsopano ndi milu ya dothi lofiira, ndipo amuna opaka matope mpaka m'tsitsi ankaimirira kuyang'ana galimoto. Anali makorokoza, okumba golide paokha. Palibe amene anakweza dzanja kupereka moni.

Pa komboni sipanathamange mwana ndi mmodzi yemwe kudzachingamira galimoto. Mzere woyamba wa nyumba unali wopanda zitseko. Pa nyumba zitatu panali makoma akuda ndi utsi, denga palibe. Mpope wa pakati pa komboni unali wouma, ndipo pansi pake panamera udzu. Mayi wina anadutsa atasenza chigubu cha madzi obiriwira, ochokera ku dzenje lakale la mgodi. Loice anamudziwa, namuitana ndi dzina, koma mayiyo anangofulumiza mapazi.

A Alefa anawapeza atakhala pakhonde, akusankha nyemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali pamiyendo, zala zitapindikira mkati ngati phazi la nkhuku yakufa. Mayi wa mawu aakulu uja anayankhula monong'ona.

"Nambewe, wabwera ndi galimoto yolemba dzina? Mwana iwe."

Loice anagwada, nawagwira mawondo, misozi ili chuchuchu. "Atete, dzanjali latani?"

"Lowa m'nyumba."

M'nyumbamo a Alefa anafotokoza mosatalikitsa. Mu Juni kunabwera anyamata, ena achilendo, ena obadwira pomwepo. Anati ma alien, alendo aja a pa Shafti, anavota molakwika, ngakhale ambiri sankaloledwa n'komwe kuvota. Anati amayi oyenda khomo ndi khomo ndi mabuku akulemba mayina a chipani china. Anasonkhanitsa mabuku ndi mafomu onse n'kuwatentha pabwalo la mpira, ndipo a Alefa anawaika dzanja pa njanji yakale n'kulimenya ndi mpini wa pikisi. Osamalira odwala anzawo awiri anathawa. Odwala amene ankapita ku chipatala cha ku Kwekwe kukatenga ma ARV analephera kupita, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha ndalama ya basi. Mankhwala atatha, anayamba kugona mmodzimmodzi.

"Ku ofesi timaona ngati nonse muli bwino," anatero Loice. "Lipoti linanena kuti sanamwalire munthu."

"Linanena ndani?"

"Kompyuta, atete. Poti sitinalandire fomu."

A Alefa anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndiye kuti Estere ali moyo kumeneko? Ndi Sitefano yemwe? Ukawapatse moni."

Loice anatulutsa mndandanda wa odwala ndi mafomu aja. Anafotokoza za katundu wa kolera, ndi chifukwa chimene pa Shafti sanaikidwepo. Anati njira yokhayo yoti katundu abwere ndi yoti lipoti likonzedwe, ndipo silingakonzedwe popanda mafomu osainidwa. A Alefa anayang'ana mapepalawo ngati njoka yalowa m'nyumba.

"Ine sindigwiranso cholembera. Ngakhale ndi chala chodinda, ayi. Ukapita, ine nditsala pano. Ukudziwa amene akulamula komboni ino tsopano? Boston. Boston yemwe uja munkapita naye ku Sande sukulu. Ndiye amagula golide wa anyamatawa, ndiponso ndiye anagwira mwendo wanga tsiku lija."

"Nanga mungandiperekeze kumanda?"

A Alefa anayang'ana kukhomo. Kenako anadzuka, namanga mpango ndi dzanja limodzi.

Manda a pa Shafti anali kuseri kwa mulu waukulu wa dothi loyera. Mitumbira yatsopano inalibe mitanda, koma pa uliwonse panali mbale kapena kapu yoboola. A Alefa ankaima pa mtumbira, n'kutchula dzina ndi mwezi, osayang'ana Loice. Tsiku lenileni sankalikumbuka, ndipo Loice ankangolemba mwezi, n'kusaina yekha pamalo a woona ndi maso. Mwa odwala a bungwe, khumi ndi mmodzi anali pamenepo. Ena oposa makumi awiri anali atachoka, kwina ku Kwekwe, kwina kosadziwika.

Pobwerera anapeza munthu atatsamira galimoto, akucheza ndi a Elifas amene nkhope yawo inali itauma. Anali Boston. Ananenepa, anavala jekete lachikopa m'kutentha konseko, ndipo anamwetulira ngati mlongo wake wafika kuchokera kutali.

"Sisi Loice! Kubwera osatiuza? Mwatitaya, anthu a m'tawuni."

"Ntchito, achimwene. Muli bwanji?"

"Tiripo, tikuvutika ndithu. Ndamva kuti munapita kukaona agogo athu kumanda. Ndi bwino, ulemu umenewo." Maso ake anatsikira pa chikwama. "Mwalemba zotani?"

Loice anatulutsa kamera, natulutsanso imelo yosindikiza ija. "Azungu athu akuyamikira kuti kuno zinthu zikuyenda bwino. Andituma ndidzajambule."

Boston anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atafika pa mawu oyamikira anagwedeza mutu mokhutira. "Mwaona? Anthu amanama kuti kuno kunali chisokonezo. Jambulani, sisi. Mundijambule ndi amayi athuwa." Anakoka a Alefa, nawakoleka dzanja paphewa. A Alefa anabisa dzanja lopunduka m'chitenje, ndipo Loice anajambula. Galimoto ikunyamuka, Boston anawerama pawindo. "Ku Senga mukukhalabe kuseri kwa mashopu kuja? Ndimadutsako nthawi zina. Ndidzakuonani."

A Elifas anayendetsa mofulumira mpaka pa tala.

Tsiku lotsatira Loice analowetsa mafomu onse, natulutsanso lipoti la miyezi yomwe ija. Mzere wa pa Shafti unasanduka wofiira, kupatula bokosi la maulendo lomwe linakhalabe lobiriwira ngati likuseka. Chiwerengero cha pulogalamu yonse cha odwala amene ali m'chisamaliro chinagwa pansi pa chandamale. Anasindikiza, nakaika pa tebulo la a Moyo pamodzi ndi mafomu ndi kamera.

A Moyo anawerenga dzina lililonse. Ena ankawadziwa. Atamaliza anavula magalasi, nakhala atatseka maso.

"Mukudziwa chimene chichitike tikatumiza ili?"

"Ndikudziwa."

"Aimitsa zonse. Atumiza anthu odzafufuza databesi yathu, fomu ndi fomu. Malipiro a Disembala sitiwaona." Analoza fomu ina. "Ndipo pa chifukwa chosamukira mwalembapo chiyani?"

"Ndalemba kuti chisokonezo cha mu Juni."

Anatenga cholembera, nachigwira m'mwamba nthawi yaitali pamwamba pa mawuwo. Kenako anachiika pansi. "Ine ndi amene ndinakankhira chiganizo chanu kumapeto. Ili lipite mmene lilili. Kalata yoperekeza ndilemba ndine, dzina lanu lisaonekepo."

Zinachitika monga ananenera. A ku Harare anaimitsa gawo lotsatira kufikira kafukufuku atachitika, ndipo anati kagawidwe ka katundu wa kolera kadzaunikidwanso pambuyo pake. Ku ofesi anzake a Loice anasiya kumuitana pa tiyi. Namwino wa bungwe anamuuza pamaso kuti akufa sadya, koma ana ake iye amadya. A Moyo sanadikire Harare. Anatapa pa katundu wa ku Senga mabokosi angapo a mapiritsi a madzi ndi mapaketi a mchere ndi shuga, nalemba m'buku la sitolo kuti atenga ndi iwo, ndipo a Elifas anakawasiya pa tchalitchi cha pa Shafti ndi dizilo wotsala, atamata pepala pa dzina la bungwe la pachitseko cha galimoto.

Sabata yomweyo ku ofesi kunabwera amuna awiri ovala bwino, pa galimoto yoyera yopanda nambala kutsogolo. Sananene kumene achokera, ndipo palibe anawafunsa. Anakhala m'chipinda cha a Moyo chitseko chili chotsegula, moti Loice ankamva zonse ali pa kompyuta yake, msana utawatembenukira.

"Tamva kuti mukuuza azungu kuti ku Connemara kunafa anthu."

"Odwala athu, inde. Timanena za odwala amene amwalira miyezi itatu iliyonse, ndi pangano lathu. Makope amapitanso ku ofesi ya zaumoyo."

"Analemba ndani?"

"Lipoti lotere sililembedwa ndi munthu, akuluakulu. Limatuluka lokha mu kompyuta. Ine ndimangosaina."

"Nanga amene amaika zinthu mu kompyutamo?"

"Amasinthanasinthana. Ana a sukulu ophunzira ntchito, odzipereka a ku mpingo. Amene wapezeka tsiku limenelo."

Loice anapitiriza kugogoda makiyi, ngakhale pa kompyuta sipankalembeka chilichonse chomveka. Potuluka, mmodzi wa amunawo anaima kumbuyo kwake, pafupi moti anamva fungo la sopo wake. Anayang'ana pa sikirini, nayang'ana chithunzi cha ukwati chimene chinali patebulo.

"Mumatayipa mofulumira, amai," anatero m'Chishona. Anatuluka.

Mvula inagwa mu Disembala, ndipo kolera inafika pa Shafti Khrisimasi isanakwane. Inayambira kwa makorokoza, n'kulowa m'komboni. Mapiritsi aja anathandiza mabanja amene anawalandira, koma anatha msanga. Anthu ankanyamulidwa pa wilibala mpaka pa msewu waukulu kukadikira galimoto yopita ku Kwekwe. Mwa odwala a bungwe amene anatsala, ena asanu anapita. Katundu wa pa Shafti wochokera ku Harare anafika mu Febuluwale, pamodzi ndi ofufuza awiri aulemu amene anakhala masiku angapo akufananiza mafomu ndi databesi. Sanapeze chinyengo. Analangiza kuti lipoti lizionetsa mafomu amene abwera poyerekeza ndi amene akuyembekezeka, ndi kuti dera losatumiza kanthu lizituluka lotuwa, osati lobiriwira. Loice ndi amene anauzidwa kuti aphunzitse mabungwe ena zimenezi. Koma chaka chimenecho pangano litakonzedwanso, pa Shafti panachotsedwa, chifukwa odwala otsala anali ochepa moti sakanakwanira dera paokha. Anawasamutsira m'kaundula wa chipatala cha ku Kwekwe.

A Alefa anadwala kolera, koma anachira. Mu Epulo anafika ku Senga pa lole ya makala, ndi kamtolo ka zovala, Baibulo la Chichewa ndi mpando umodzi wa a Gedion. Anati Boston wapereka nyumba yawo kwa anyamata ake, ndipo anawauza mwaulemu kuti munthu wamkulu ngati iwo ayenera kukapuma kwa mwana wawo m'tawuni. Anawalipirira ngakhale lole.

Anakhala ndi Loice m'chipinda chimodzi chija. Sankatuluka kwambiri. Mpingo wa ku Senga utawapempha kuti athandize kuyendera odwala, anavomera, koma anati dzina lawo lisalembedwe paliponse, ngakhale pa mndandanda wa olandira sopo. Loice anapitiriza ntchito ku bungwe mpaka pulogalamu inatha, kenako analowa ku kiliniki ina ya mumzinda, kumene amasungabe kaundula wa odwala.

Galimoto yoyera ija inaonekanso ku Senga kangapo m'chaka chimenecho, itaima masana pafupi ndi mashopu, mawindo otseka. Mwina inali ina, poti magalimoto oyera ndi ambiri. Loice akaiona pochokera ku ntchito sankalowa pa geti lake. Ankapitirira mpaka ku msika, n'kugula masamba amene sankawafuna, n'kuzungulira njira ya kuseri. Ankapeza atete ake atatseka kale chitseko ndi katani, atakhala pa mpando wa a Gedion pakati pa chipinda.

"Waiona?" ankafunsa a Alefa.

"Ndaiona, atete."

"Khala pansi. Tidikire ichoke, ndiye tiphike."